Masiku angati kuchokera pa 20 Disembala kufika pa 10 Malichi?

"Kuchokera pa 20 Disembala 2023 kufika pa 10 Malichi 2024 ndi masiku angati? Ndikumapeza 80."

Ndi 81, achimwene. Werengani mwezi ndi mwezi. Disembala ali ndi masiku 31, ndiye mukachotsa 20 atsala 11. Onjezani Januwale 31, Febuluwale 29 ndi masiku 10 a Malichi, akwana 81.

Tsiku lakusowanilo lili mu Febuluwale. Chaka chikagawika ndi 4 popanda chotsala, monga 2024, mweziwu umakhala ndi masiku 29. Koma zaka zothera ndi 00 zimafuna kugawika ndi 400: 2000 idali ndi tsikuli, 2100 sidzakhala nalo.

Apa 20 Disembala sitidamuwerenge. Mukamuwerenga, ndi 82. Ngati ndi za kukhoti kapena ngongole, funsani loya kuti kuwerenga kuyambire tsiku liti.