Kodi mwana angadziwe bwanji kuchulukitsa maina a Chiarabu?

"Mwana wanga amaphunzira Chiarabu kumadirasa, koma akuti maina ambiri akachulukitsidwa amasinthiratu ndipo akulephera kuwaloweza. Kodi pali njira yowadziwira?" Mayi wa ku Mangochi.

Mayi, ife tinazolowera kuchulukitsa dzina posintha kumayambiriro kwake, monga mzikiti, mizikiti, koma maina ambiri a Chiarabu amathyoledwa m'kati: malembo opanda liwu amatsala m'malo mwake, pamene malembo a liwu apakati ndiwo amasintha. Aphunzitsi amatcha zimenezi jamu takisiri. Mwanayo asayambe ndi kuloweza, koma aziyamba wawerenga malembo opanda liwu amene ali m'dzinalo, chifukwa kaumbidwe ka dzina la chinthu chimodzi ndi kamene kamalosera kachulukitsidwe kake.

Malembowo akakhala anayi, kulosera sikuphonya kawirikawiri. Titenge dzina loti masjid, mzikiti, limene lili ndi m, s, j ndi d. Pambuyo pa lembo loyamba aike a wamfupi, pambuyo pa lachiwiri aike a wotalika, pambuyo pa lachitatu aike i, ndipo apeza masaajid. Momwemonso maktab, ofesi, imakhala makaatib, ndipo daftar, kope, limakhala dafaatir. Aonetsetsenso liwu limene lili patsogolo pa lembo lomaliza, pakuti likakhala lotalika, i uja nayenso amatalika: miftaah, kiyi, imakhala mafaatiih, osati mafaatih. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa polemba, chifukwa i wotalikayo ali ndi lembo lakelake m'Chiarabu, ndipo akalisiya aphonya mawu onse. Achenjere ndi maina a anthu oyamba ndi mu, monga muslim ndi mudarris, mphunzitsi, amene ambiri sathyoledwa koma amangolandira uun kumapeto: muslimuun, mudarrisuun.

Maina a anthu oumbidwa ngati waziir, nduna, amakonda kutsata wuzaraa, ndipo faqiir, mmphawi, amakhala fuqaraa, ngakhale sadiiq, bwenzi, amapatuka n'kukhala asdiqaa.

Povuta penipeni ndi pa maina aafupi a malembo atatu. Dzina la phatikizo limodzi, monga dars, phunziro, limapendekera ku duruus, monganso bayt, nyumba, buyuut. La maphatikizo awiri okhala ndi a, monga qalam, cholembera, limapendekera ku aqlaam, monganso walad, mnyamata, awlaad. Komabe jabal, phiri, amene amaumbidwa ngati qalam, amakhala jibaal. M'gulu limeneli ine ndimalangiza kuti mwana alosere kaye, kenako atsimikize m'dikishonale, ndipo m'kope mwake asalembe dzina latsopano palokha, koma lizikhala ndi lochulukitsa lake pamzere umodzi. Madzulo muzimutchulira dzina limodzi, iye aziyankha linzake mokweza, kuti khutu lizolowere kusiyana kwa liwu lalifupi ndi lotalika.