Kuyendetsa kamzere kothwanima ndi kusankha mawu popanda mausi

"Abale, mausi yanga yafa ndipo ndikulemba kalata yofunsira ntchito pa laputopu. Kodi ndingadumphe bwanji mawu n'kuwasankha mwachangu? Kuyenda chilembo chimodzichimodzi kwanditopetsa."

Achimwene, pa Windows gwirani mabatani awiri okha m'mutu. Ctrl amatalikitsa phazi, Shift amasankha paliponse pamene mwadutsa. Muvi wokha umayenda chilembo chimodzi, koma mukaupanikiza pamodzi ndi Ctrl kamzere kothwanima kaja kamadumpha liwu lathunthu. Mukaonjezapo Shift, liwulo lasankhidwa.

Tinene kuti mu Word mwalemba mzere uwu: Ndikupempha ntchito ya ukalaliki ku ofesi yanu. Mukufuna kuti pa "ya ukalaliki" pakhale "yoyendetsa galimoto". Dinani Home kuti mubwerere koyambirira kwa mzere, kenako Ctrl+→ kawiri, mufika pamene payambira "ya". Tsopano Ctrl+Shift+→ kawiri, mawu awiriwo asankhidwa. Osavutika n'kufufuta, ingoyambani kulemba, akalewo achoka okha. Koma onetsetsani: kudumphaku kumakaima poyambira liwu lotsatira, ndiye kampata kamene kali patsogolo pa "ku" kasankhidwa nako. Mu mapulogalamu ena, mukaiwala kukabwezera mupeza mwalemba "galimotoku". Ine zinandichitikira kangapo ndisanazindikire chimene chimadya mipata yanga.

Mukapitirira muyeso musasiye Shift, ingobwererani ndi muvi winawo. Mukamusiya n'kudina muvi, zonse munasankha zija zabalalika. Mukafufuta zosayenera, Ctrl+Z.

Za mzere n'zosavuta: Home koyambirira, End kumapeto, Shift+End kusankha kuchokera pamene muli mpaka kumapeto. Pa malaputopu ambiri ang'onoang'ono mabatani awiriwa anabisidwa pa mivi, mumawapeza ndi Fn+← ndi Fn+→.

Ndime ndi ina. Mzere umathera pamene mawu akhotera pansi okha, pomwe ndime imathera pamene inuyo munadina Enter. Mu Word, Ctrl+↓ amakufikitsani pa ndime yotsatira, Ctrl+↑ koyambirira kwa ndime imene mulimo, ndipo Ctrl+Shift+↓ amasankha mpaka pothera ndimeyo. Izi zokha si bokosi lililonse lolembamo limene limazimvera, yambani mwayesa. Chala chisatererekere pa Alt, chifukwa pa makompyuta ena Ctrl+Alt ndi muvi amatembenuza sikirini chadodolido. Zikatero, Ctrl+Alt+↑ amaibweza.

China chotikhudza ife olemba Chichewa ndi mawu ngati ng'ombe ndi m'nyumba. Mapulogalamu ena amawatenga ngati liwu limodzi, ena amaima pa kachizindikiro kapamwambako, choncho muziyang'ana pamene mawu osankhidwawo athera musanalembe pamwamba pake.

Ngati laputopu yanu ndi Mac, Option ndi muvi ndiye wodumpha mawu ndi ndime, Command+← ndi Command+→ za mzere. Shift ntchito yake ndi yomweyo, kungoti kumeneko mu mapulogalamu ambiri Option+→ amaima kumapeto kwa liwu, kampata kaja sakatenga.