Mawu a m'mabuku a chuma amene mamembala angamve

"Ndinasankhidwa kukhala msungichuma wa kopaletivi yathu, koma sukulu ndinalekezera Fomu 4. Wowerengera mabuku watibweretsera lipoti lokhala ndi mawu oti akruwo, dipirishiyeshoni ndi ritendi eninzi. Ndiwamasulira bwanji pamsonkhano waukulu wapachaka kuti anthu asandiganizire kuti ndadya ndalama?"

Amayi msungichuma, mawu atatuwa ali ndi khalidwe limodzi: amanena za manambala amene ali m'buku, koma osati ndalama zimene mungatulutse m'bokosi n'kuwerenga anthu akuona. Choncho mawu a Chichewa amene mungasankhe asapangitse membala kufunsa kuti "nanga ndalamazo zili kuti?"

Tiyambe ndi dipirishiyeshoni, chifukwa ndi amene amasokoneza kwambiri. Ambiri amati "kutsika mtengo kwa katundu". Ine mawuwa sindiwakonda. Zinthu zikamakwera mitengo, njinga yamoto ya zaka ziwiri itha kugulitsidwa ndalama zoposa zimene munagulira, ndipo membala wina adzaimirira n'kunena kuti palibe chatsika. Adzakhala akunena zoona. Chimene buku likuchita n'kugawa mtengo wogulira pa zaka zimene katunduyo adzagwire ntchito. Nenani kuti "kutha kwa katundu", ndipo koyamba mufotokoze kuti ndi gawo la mtengo wogulira limene lawerengeredwa chaka chino.

Tiyerekeze kuti munagula njinga yamoto pa K6,000,000. Mukuganiza kuti idzagwira ntchito zaka 5, kenako mudzaigulitsa pa K1,000,000. Ndalama zimene zidzathere mu njingayo ndi K5,000,000, ndipo mukazigawa pa zaka 5 mupeza K1,000,000 pachaka. Imeneyi imachotsedwa pa phindu chaka chilichonse, ngakhale palibe amene walipidwa. Pakatha zaka ziwiri, njinga ija m'buku imaoneka K4,000,000. Chonde musadzanene kuti ndi "ndalama zosungira njinga ina". Mukatero, tsiku limene njinga idzafe anthu adzafuna K5,000,000 patebulo, pamene palibe amene anaiika padera. Ngati mukufuna thumba lotero, msonkhano ugwirizane ndipo ndalamazo zipite ku akaunti yakeyake.

Akruwo ndi wosavuta. Mlonda wagwira ntchito mwezi wa Disembala, malipiro ake a K90,000 mwamupatsa pa 5 Januwale. Ngati chaka chanu cha mabuku chimatha pa 31 Disembala, ndalamayo ndi ya chaka chathacho, popeza ntchito inagwiridwa m'chakacho. Muzilemba kuti "zogwiritsa kale zosalipira". Mawu oti "ngongole" paokha angachititse anthu kuganiza kuti komiti inakakongola kubanki osawauza. Zikakhala ndalama zimene kopaletivi yagwirira kale ntchito koma sinalandire, monga lendi ya nyumba yosungiramo katundu imene mwabwereketsa, muti "zogwirira kale zosalandira". Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mu Januwale, polipira mlonda uja, msungichuma amalembanso K90,000 ngati zowononga za chaka chatsopano. Mukaona malipiro a mlonda akuoneka ka 13 m'chaka chimodzi, dziwani kuti mwalemba kawiri.

Tsopano ritendi eninzi, pamene pagona mantha anu. Kumasulira kwachangu n'koti "phindu losungidwa", koma mawu oti kusunga amabweretsa m'maganizo bokosi ndi kiyi, ndipo kiyiyo ali ndi inu. Nenani kuti "phindu losagawidwa la zaka zonse". Ndi phindu lonse kuchokera pamene kopaletivi inayamba, kuchotsapo zimene munaluza, zimene munagawana, ndi zimene zinapita ku thumba limene malamulo anu amati lisagawidwe. Thumba limenelo likhale ndi mzere wake, musaliphatikize.

Buku litha kuonetsa K8,000,000 pamzere umenewu pamene kubanki kuli K1,500,000 yokha, popanda wakuba aliyense. Phindulo linagula njinga, lina lili mu katundu amene sanagulitsidwe, lina lili kwa ogula amene sanalipire. Musadikire kuti akufunseni. Mukangotchula nambalayo, werengani pomwepo zonse zimene kopaletivi ili nazo, chilichonse ndi mtengo wake wa m'buku, muchotsepo zimene ikuyenera kulipira, masheya a mamembala ndi thumba lija limene malamulo anu amati lisagawidwe, kuti aone mmene nambalayo yafikira.

Msonkhano usanafike, itanani mamembala awiri amene sali mu komiti, muwawerengere mizere itatuyi m'Chichewa, kenako muwafunse kuti, "Kodi ndalama imeneyi ili m'bokosi?" Akayankha kuti eya, sinthani mawuwo. Mawu amene mwakhazikika nawo muwalembe patsamba loyamba la buku, pambali pa mawu a mu lipoti, wowerengera mabuku awaone ngati tanthauzo silinapotoke, ndipo chaka chamawa mudzagwiritse ntchito omwewo.