Matabwa a thirasi amene sanyamula kanthu: muwapeze musanayambe masamu

"Ndikuphunzira za zomangamanga. Atipatsa thirasi ya denga yamatabwa 9 kuti tipeze mphamvu m'thabwa lililonse, poyenda mfundo ndi mfundo. Ndiyambire pati? Ndipo aphunzitsi akuti matabwa ena sanyamula kanthu, ndiwadziwa bwanji?"

Chojambula chanu simunanditumizire, ndiye tiyeni tijambule thirasi yamatabwa 9 yodziwika bwino. Pa makoma awiri ikani A ndi C, motalikirana mamita 8. Pakati pa thabwa lapansi ikani B, ndipo nsonga ya denga ikhale D, mamita 3 pamwamba pa B. Phaso lililonse ndi lalitali mamita 5. Pakati pa phaso AD pali E, pakati pa DC pali F. Mkati muli matabwa atatu: BD woimirira, BE ndi BF opendekeka. Katundu ndi 12 kN, wotsikira pa D pokha.

Choyamba werengani: matabwa 9 kuphatikiza mphamvu 3 za pa makoma ndi 12, ndipo mfundo 6 kuchulukitsa ndi 2 ndi 12. Zafanana, choncho njirayi ikwanira.

Tsopano ikani kakyuleta pansi, muyang'ane mfundo E. Pakukumana matabwa atatu. AE ndi ED ali pa mzere umodzi, BE yekha ndiye wabwera chammbali, ndipo palibe katundu pamenepo. BE atati akoke kapena kukankha, ndani angamubwezere? AE ndi ED mphamvu zawo zimangoyenda motsata mzere wawo, alibe chochita ndi za m'mbali. Ndiye BE ndi ziro. BF chimodzimodzi.

Apa ndi pamene ambiri amathamangira masamu, koma dikirani. Fufutani BE ndi BF m'maganizo, mubwerere pa B. Patsala AB ndi BC pa mzere umodzi, BD yekha chammbali, katundu palibe. BD nayenso ndi ziro. Ziro mmodzi amaulula mnzake, n'chifukwa chake muzizungulira thirasi kawiri. Lamulo lina ndi ili: mfundo yamatabwa awiri okha osakhala pa mzere umodzi, yopanda katundu komanso yosakhala pa khoma, onse awiri ndi ziro.

Katundu ali pakati, choncho khoma lililonse likukankhira m'mwamba ndi 6 kN. Yambirani pa A, poti pali matabwa awiri okha osadziwika. Mfundo iliyonse imakupatsani masamu awiri basi, a chokwera ndi a chopingasa, ndiye yamatabwa atatu osadziwika muisiye kaye. Ine ndimalangiza kuti thabwa lililonse mulijambule ngati likukoka, muvi wake uchoke pa mfundo. Yankho likatuluka ndi chizindikiro chochotsera, ndiye kuti thabwalo likupanikizika. Mukasintha lamuloli pakati pa ntchito, zizindikiro zisokonekera.

Phaso likukwera mamita 3 pa 5 alionse, n'kupita chopingasa 4 pa 5:

```
ΣFy = 0:  6 + (3/5)AE = 0    AE = -10 kN
ΣFx = 0:  AB + (4/5)AE = 0   AB = +8 kN
```

Phaso likupanikizika ndi 10 kN, thabwa lapansi likukokedwa ndi 8 kN. Poti BE ndi ziro, ED ndi -10 kN, ndipo mbali inayo ndi chimodzimodzi. Tsimikizani pa D: mapaso awiri akukankhira m'mwamba 6 kN lililonse, pamodzi 12 kN, wofanana ndi katundu. Zikapanda kugwirizana apa, yang'anani kaye ngati simunasinthanitse 3/5 ndi 4/5.

Koma ziro ameneyu ndi wa katundu uyu yekha, ndipo izi ndikufuna muzigwiritse. Denga lenileni lili ndi matabwa okhomerapo malata amene amatsamira pa E ndi F. Onjezani 6 kN pa E ndi 6 kN pa F. Khoma lililonse tsopano lanyamula 12 kN, AE wafika -20 kN, AB +16 kN. Pa E:

```
ED + BE = -20
ED - BE = -10
ED = -15 kN,  BE = -5 kN
```

BE uja wadzuka, akupanikizika ndi 5 kN. Iye ndi BF akukankhira B pansi ndi 3 kN aliyense, ndipo BD akukokedwa ndi 6 kN kuti B asatsike.

Ndiye musauze kalipentala kuti achotse matabwawo pofuna kupulumutsa ndalama. Ngakhale pamene BE sakunyamula kanthu, akugwira phaso pakati kuti lisapindikire mkati mwa thirasi. Thabwa lopanikizika mukadula utali wake wosagwiridwa kuchoka pa mamita 5 kufika pa 2.5, katundu wofunika kuti lipindike amachuluka kanayi. Komanso mphepo yamkuntho ikanyamula malata, mphamvu zimatembenuka: thabwa lapansi limene limakokedwa limayamba kupanikizika, ndipo pamenepo BD ndi amene amaligwira pakati.