Phindu pa hekitala ya chimanga

"Ndidziwa bwanji ngati chimanga changa cha ku Namwera chikundipindulira?"

Achimwene, werengerani pa hekitala imodzi. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, ikani ya kwanu. Matumba 4 a feteleza pa K150,000 ndi K600,000. Mbewu ya makilogalamu 25, K150,000. Ganyu, matumba, mankhwala a anankafumbwe ndi ngolo, K250,000. Zonse K1,000,000. Mukakolola matumba 50 n'kugulitsa pa K35,000, mupeza K1,750,000, phindu K750,000.

Koma ambiri amaiwala thukuta la apabanja. Liwerengeni ngati ganyu, ndipo chimanga chodya pakhomo muchiike pa mtengo wa pamsika. Gawaninso K1,000,000 mwawononga ija ndi matumba 50: thumba lililonse lakudyerani K20,000, osawerengera thukuta la apabanja. Venda akabwera ndi sikelo yake mu Meyi n'kutchula mtengo wochepera apo, musamasule thumba.