Padi ikayamba kuyenda yokha, musafulumire kuitaya

"Achimwene, ndili ndi kanyumba ka magemu kuno ku Ulongwe, ndipo padi imodzi ya PS4 yayamba kuyendetsa wosewera kumanzere ngakhale munthu asanaigwire. Wokonza mafoni wandiuza kuti yatha ntchito, ndigule ina. Kodi ndi zoona, kapena pali chimene ndingachite?"

Achimwene, mawu akuti "yatha ntchito" amandipweteka mtima akachokera pakamwa pa munthu amene sanatsegule n'komwe chinthucho. Mwina wokonzayo akunena zoona, koma sangadziwe zimenezo pongoyang'ana kunja kwa padi, ndipo inunso simuyenera kutulutsa ndalama musanadziwe chimene chawonongeka.

Ine ndinakulira pa ntchito yonga yanuyo. Amalume anga anali ndi kanyumba ka magemu ku Moatize, ndipo ine ndinali woyang'anira mapadi, wolandira ndalama komanso woleretsa ndewu za anyamata. Amene anakhalako ku Moatize akudziwa fumbi la kumeneko, lakuda ndi malasha, limene limalowa ngakhale m'nyumba yotseka mawindo. Ikafika nyengo ya kutentha, cha mu Okutobala, anyamata ankasewera mpira manja ali thukuta lokhalokha, ena atangodya kumene mandasi, ndipo zonsezo zinkatsikira pansi pa kandodo ka analogi. Panali padi ina yakuda imene aliyense ankaikana, chifukwa ukangosiya analogi, wosewera wako ankanyamuka yekha ulendo wa kunja kwa bwalo. Wogonja aliyense ankanamizira padiyo, ndipo wobwera mochedwa ndiye ankapatsidwa. Amalume anaipereka kwa wokonza wina wa pamsika, amene anaipopera mafuta ofewetsera zitsulo zadzimbiri popanda kumasula ngakhale sikuluwu imodzi. Inabwera ikugwira bwino, tonse tinasangalala, koma pasanapite nthawi inayambiranso, ndipo ulendo uno inkakokera mbali zonse. Nditaitsegula ndinapeza phala lakuda la mafuta osakanikirana ndi fumbi litamatirira mkati monse. Kuyambira pamenepo ndimadana ndi mchitidwe wopopera mafuta m'padi, ndipo ndikunena mosapsatira kuti amene amachita zimenezi akuwononga katundu wa anthu n'kulandirapo ndalama.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa chimene chili pansi pa kandodoko. Pali kabokosi kachitsulo, ndipo m'mbali mwake muli tizipangizo tiwiri totchedwa potenshomita, kamodzi koyeza kumanzere ndi kumanja, kena koyeza kutsogolo ndi kumbuyo. Mkati mwa kalikonse muli kanjira kopyapyala ka kaboni ndi kachitsulo kamene kamakhula pa kanjirako mukamasuntha analogi. Malo amene kachitsuloko kaima ndi amene amasintha mphamvu ya magetsi imene padi imawerenga. N'chimodzimodzi ndi kokwezera mawu ka wailesi zakale, kamene kakakalamba kamachititsa wailesi kukhosomola mukakapotoza. Pansi pa kabokosiko pali sipuling'i imene imabweza kandodo pakati mukakasiya.

Chinthu chimene chimagwira ntchito pokhulana chimatha, ndipo apa palibe matsenga. Mabokosi ambiri a m'mapadi a PlayStation ndi Xbox amapangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Alps Alpine, ndipo mu 2021 akatswiri okonza zipangizo a iFixit anasonyeza kuti pepala la kampaniyo limati potenshomita yotere inapangidwa kuti ipirire kusuntha maulendo 2,000,000. Powerengera mmene munthu amasewerera gemu yowomberana, iwo anapeza kuti malire amenewa angakwane m'maola ongopitirira pang'ono 400. Sikuti padi iliyonse imafa pa ola limenelo, ayi, zambiri zimapitirira. Koma taganizirani padi ya m'kanyumba kanu, imene imagwidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, maola 8 kapena kuposa: maola 400 amatha pasanathe miyezi iwiri. Choncho kwa inu a bizinesi, kuyenda kokha kwa analogi si ngozi yodzidzimutsa, ndi mtengo wa ntchito umene muyenera kuuwerengera limodzi ndi magetsi. Chimene chimandinyansa n'chakuti njira yopewera kukhulanaku inadziwika kalekale. Padi ya Dreamcast, makina a Sega a mu 1998, inkagwiritsa ntchito maginito poyeza analogi, popanda kanjira ka kaboni kotha, pamene PS4 ya mu 2013 ndi PS5 ya mu 2020 zinabwera ndi potenshomita.

Tsopano, matenda amene timangowatchula ndi dzina limodzi ali mitundu itatu, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mwina ndi fumbi ndi tizidutswa ta kaboni zimene zaunjikana pa kanjira, mwina kanjirako kaperepeseka, mwinanso sipuling'i yatopa moti sikubweza kandodo pakati penipeni. Kutsuka kumachiza loyambalo lokha.

Mmene mungadziwire chimene chawonongeka

Lumikizani padi ku kompyuta ndi chingwe, kapena ku foni ya Android, n'kutsegula tsamba la `hardwaretester.com/gamepad`. Mukadina batani lililonse, tsambalo limaonetsa manambala. `AXIS 0` ndi kumanzere ndi kumanja kwa analogi ya kumanzere, `AXIS 1` ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo manambalawo amayenda kuchokera pa -1 kufika pa 1, pakati pake ndi 0. Padi yabwino siima pa 0 ndendende, imaima chapafupi, monga pa 0.02 kapena 0.03, ndipo gemu imanyalanyaza zimenezo. Ngati mulibe intaneti, pa Windows lembani `joy.cpl` ndipo muona kamtanda kosonyeza pamene analogi yaima, ngakhale kuti manambala ndiwo amathandiza kwambiri.

Ndikuuzeni za padi ina ya mnzanga wa ku Domwe imene inali ndi vuto lofanana ndi lanu. Itaikidwa patebulo osaigwira, `AXIS 0` inkavina pakati pa -0.12 ndi -0.20, osakhazikika. Ndinakankhira kandodo kumanja n'kukasiya, kenako kumanzere n'kukasiya, ndipo maulendo onse nambala inabwerera kumalo omwewo n'kumanjenjemerabe. Zimenezi zinandiuza kuti sipuling'i ili bwino, chifukwa sipuling'i yotopa imachita mosiyana: nambala imakhala bata, koma mukasiya kandodo kuchokera kumanzere imaima kumbali ya kumanzere, mukakasiya kuchokera kumanja imaima kumbali ya kumanja, ndipo kandodoko kamagwedera pang'ono pa chala musanamve kulimba. Kenako ndinasuntha kandodo pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kufika ina ndikuyang'ana nambala. Inakwera mwadongosolo, osalumpha. Ikanakhala kuti imalumpha pa malo amodzimodzi nthawi zonse, ndikanadziwa kuti kaboni watha pamenepo. Zonse zinaloza ku fumbi.

Kutsegula padi ya PS4, yotchedwa DualShock 4, sikovuta, koma kumafuna kudekha. Kumbuyo kuli masikuluwu 4 aang'ono. Polekanitsa zikamba ziwirizo musakoke mwamphamvu, chifukwa pali kalamba kopyapyala kolumikiza bolodi ndi pobayira chaja, ndipo kakang'ambika padi siichajanso. Chotsani batire musanakhudze china chilichonse, kenako masulani bolodi kuti mufike pa analogi. Potenshomita ndi timapulasitiki tamtundu tomatidwa m'mbali mwa kabokosi, ndipo pa vuto lanu kofunika ndi kamene kamazungulira mukasuntha kandodo kumanzere ndi kumanja. Kakanuleni pang'ono ndi nsonga yopyapyala, osakapinda kwambiri popeza miyendo yake itatu ndi yowotcherera pa bolodi, tulutsani kagudumu kokhala ndi kachitsulo, ndipo pukutani kanjirako ndi thonje lonyowetsedwa ndi sipiriti ya aisopuropilo, ya 90 pa 100 kapena kuposa. Thonje la padi ya ku Domwe linatuluka lakuda bii. Sipiriti itauma ndinabwezera zonse, ndipo nambala inakhazikika pa -0.02. Sipiriti ya 70 pa 100 ya kufamasi ili ndi madzi ambiri, choncho ngati ndi yokhayo imene mwapeza, dikirani kuti iumiretu musanabwezere batire. Kachasu, mafuta onunkhira ndi palafini musaziyandikitse.

Ena amati ingosinthani `Deadzone` mu gemu. N'zoona kuti magemu monga Fortnite ndi Rocket League amalola kukulitsa dera la pakati limene gemu imanyalanyaza, ndipo munthu wa padi yake kunyumba, imene yapatuka pang'ono, angakhale nayo miyezi yambiri mwa njira imeneyi, ngakhale kuti kusuntha kwapang'onopang'ono kumayamba kuchedwa. Koma PS4 payokha ilibe poikira zimenezi, gemu ikapanda kukhala nazo mwagwa nayo. Ndipo m'kanyumba kolipiritsa sindivomereza njirayi ngakhale pang'ono, chifukwa mwana amene walipira ndalama yofanana ndi mnzake sayenera kupatsidwa padi yolemala.

Ngati vuto ndi kaboni kapena sipuling'i, kapena labwerera patangopita masiku ochepa mutatsuka, pamafunika kusintha kabokosi konse. Kali ndi miyendo 14 yowotcherera, ndipo ntchitoyi ndi ya munthu wokhala ndi chowotcherera chabwino ndi choyamwira mtovu. Wosazolowera amatenthetsa bolodi nthawi yaitali mpaka timizere ta kopa kusupuka, ndipo apo padi imafadi. Funsani wokonzayo ngati anasinthapo analogi, muonenso kuti kabokosi katsopano n'ka mtundu wa padi yanu, popeza ka PS5 kamafanana maonekedwe ndi ka PS4 koma potenshomita zake nthawi zambiri n'zosiyana. Mabokosi a maginito olowa m'malo mwa akalewa alipo, koma akaikidwa amafunika kuwalinganiza pakompyuta kuti pakati pakhale pakatidi. Sipuling'i yawo imatopabe ngati ina iliyonse.

Kugula ina ndimakuvomereza ngati bolodi yapsa kale m'manja mwa wokonza wina, ngati analogi yafera limodzi ndi batire, pobayira chaja ndi mabatani a R2 ndi L2, kapena ngati mtengo wokonzera ukupitirira theka la mtengo wa padi yeniyeni. Ngati padiyo ndi yachinyengo, musawonongerepo metikali yambiri, itsukeni basi. Koma musataye padi yeniyeni n'kugula yachinyengo chifukwa yatchipa, popeza zambiri zotere analogi zake n'zosalongosoka zikadali m'katoni. Yakufayo musaiponye kudzala: analogi yake ya kumanja, imene pa mpira siigwira ntchito kwambiri, kagudumu kake kangalowe m'padi ina.

Kwa inuyo, yambani ndi kuyeza pa tsamba lija. Nambala ikamanjenjemera, tsukani, ndipo pali mwayi waukulu kuti nkhani ithera pomwepo. Ikamalumpha pamalo amodzi kapena kuima malo osiyanasiyana, funani wodziwa kuwotcherera, ngakhale zitatanthauza kutumiza padiyo ku Tete. Pakadali pano ichotseni pa mzere, ndipo zotsalazo muzizisunga m'bokosi lotseka usiku.