Chithunzi cha tsitsi la mwana: mafuta ogula ndi ati?

"Onani chithunzi cha tsitsi la mwana wanga wa zaka 7. Ena akuti mtundu wake ndi 4B, ena 4C. Limauma msanga ndipo limaduka popesa. Ndigule mafuta anji?"

Asisi, musagule kanthu kaye, chifukwa chithunzichi chikubisa tsitsi lenileni. Likuoneka kuti mwangomasula kumene mukule, ndiye mapindikidwe akuluakuluwo ndi a choluka, si achibadwa. Kunyezimirako ndi vaselini.

Mutsukeni ndi shampu, musadzoze kanthu, musapese, liume lokha. Mujambule panja pa mthunzi, pafupi kwambiri, pakati pa mutu ndi kunkhongo, poti mutu umodzi umatha kukhala ndi mitundu iwiri. 

Pa chithunzi chatsopanocho muone izi. Tsitsi la 4A limapanga timizere tozungulira tooneka bwino, la 4B limapindika mokhotakhota ngati chilembo Z, pomwe la 4C limapotana kwambiri moti patali simuona mapindikidwe ake. Kenako kokani kagulu kamodzi pafupi ndi rula. Ngati likuoneka masentimita 3 koma mukakoka likufika 10 kapena 12, limenelo likhoza kukhala 4C.

Komabe nambalayi imangokuuzani kapesedwe: lonyowa, lili ndi kondishona, ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga. Kupesa louma m'mawa pothamangira kusukulu ndiko kumalidula kwambiri. Zogula zimadalira mmene tsitsi limamwera madzi, ndipo izi kamera siingaone.

Wazani madzi pa tsitsi loyera, louma. Madontho akakhala pamwamba kwa nthawi, ndipo mukatsuka limachedwa kuuma, ndiye kuti silimwa msanga. Lotero mafuta olemera amangokhala pamwamba n'kumagwira fumbi. Limafuna madzi ofunda potsuka, kondishona yosatsuka yopepuka, ndi mafuta pang'ono chabe.

La mwana wanu ndikuganiza kuti ndi la mtundu winawo, lomwa msanga n'kuumanso msanga, monga mwanenera. Mukaona kuti ndi tero, zinthu zitatu zikwana: shampu yofatsa yopanda mankhwala oumitsa tsitsi otchedwa salifeti kamodzi pa sabata, kondishona yosatsuka imene madzi alembedwa poyambirira pa zosakaniza zake, ndi mafuta olemera otsekera chinyezi, a shiya kapena a nsatsi. Ndondomeko yake musaisinthe: madzi, kondishona, mafuta pomaliza. Vaselini simanyowetsa, imangotseka, choncho mukaipaka pa tsitsi louma likhalabe louma mkati. M'dzuwa ndi fumbi la Okutobala kuno ku Chipata, wazani madzi masiku awiri alionse.

Sopo wochapira zovala musamutsukire kumutu, ndithu, amaumitsa tsitsi kwambiri. Ndipo mukaona pena pathothoka mozungulira, pali nkhungu zoyera kapena akukanda kwambiri, zikhoza kukhala zipere. Zimenezo mafuta sachiza, mupite naye kuchipatala, ndipo chipeso chake asabwerekane ndi anzake.